Mtengo wa pamutu si mphamvu: kuwerenga manambala ndi maudindo mu One Piece

Pachilumba cha Jaya pali tauni ya zigawenga zokhazokha yotchedwa Mock Town, ndipo tambala wa m'tauniyo ndi Bellamy. Boma lidaika maberi 55 miliyoni pamutu pake, ndipo iye amayenda ndi nambalayo ngati nyota ya paphewa. Atamva kuti kamnyamata ka chipewa cha udzu kamene kalowa m'bala, Monkey D. Luffy, mtengo wake ndi maberi 30 miliyoni okha, nkhani kwa iye idathera pomwepo: 55 ndi wamkulu kuposa 30, basi. Adamunyoza, adamumenya, ndipo Luffy sadabwezere. Pambuyo pake nyuzi idabwera ndi chipepala chatsopano cholembedwa kuti 100 miliyoni. Bellamy adati n'chabodza. Usiku womwewo Luffy adabwerera kudzatenga golide amene Bellamy adalanda mnzake. Bellamy, amene miyendo yake imasanduka masipuling'i, adayamba kunjanja kuchoka pakhoma ili kugwera pakhoma ilo, liwiro lake likukulirakulira mpaka maso osamuonanso. Luffy adangoima chilili. Chibakera chimodzi chokha, Bellamy ali gada pamatabwa, zizindikiro za zala zitadindika patsaya.

Woonera watsopano amatuluka pamenepa ndi phunziro lolakwika. Amati: ndamva tsopano, wa 100 amagonjetsa wa 55, kotero ndizingoyang'ana manambala. Koma taonani bwino. Luffy amene adamenyedwa masana ndi Luffy yemweyo amene adagwetsa Bellamy usiku. Sadaphunzire luso latsopano pakati pa nthawi ziwirizi. Chimene chidasintha ndi pepala, ndipo pepalalo lidali litachedwa kufika. Nambala imatsata m'mbuyo mwa munthu, nthawi zina kutali ndithu.

One Piece ndi nkhani ya Eiichiro Oda, imene idayamba kutuluka m'magazini ya Weekly Shonen Jump ku Japan mu 1997, ndipo kampani ya Toei Animation idayamba kuionetsa ngati anime mu 1999. Magawo ake adapitirira 1,100. Nkhani yotalika chonchi, yodzaza ndewu, iyenera kupeza njira youzira woonera kuti mdani wa lero ndi woopsa kuposa wa dzulo. Dragon Ball idagwiritsa ntchito kachipangizo kovala padiso kamene kamawerenga mphamvu ya munthu ngati sikelo. One Piece ilibe sikelo yoteroyo. Ili ndi mitengo ya pamutu ya achifwamba, maudindo a asilikali, ndi mayina aulemu a akuluakulu a panyanja. Zitatuzi zimaoneka ngati makwerero a mphamvu, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chidapangidwa kuti chiyeze mphamvu. Ndikuchenjezeretu kuti pofotokoza izi nditchula zotsatira za ndewu zingapo, makamaka za m'magawo 500 oyambirira. Ndikafika pa za mtsogolo kwambiri ndinena.

Amene amalemba nambala ndi boma

Mtengo wa pamutu ndi ndalama imene Boma la Dziko Lonse, kudzera mwa asilikali ake a panyanja otchedwa Marine, lalonjeza kupereka kwa aliyense wogwira munthuyo, wamoyo kapena wakufa. Ndalama ya m'dzikomo ndi beri. Choncho funso limene nambalayo imayankha si lakuti "kodi munthuyu amamenya bwanji?" koma lakuti "kodi boma likusowa naye tulo motani?" Mphamvu ili m'gulu la zinthu zosowetsa boma tulo, n'chifukwa chake manambala ndi mphamvu nthawi zambiri zimayendera limodzi. Koma si yokhayo. Mmodzi mwa akuluakulu a asilikali, Aokiji, amanena yekha m'nkhanimo kuti mtengo umaonetsanso chiopsezo chimene munthu ali nacho ku boma, osati nyonga zokha.

Umboni wosatsutsika ndi Nico Robin. Adamuika maberi 79 miliyoni ali ndi zaka 8. Kamtsikana ka zaka 8 sikangagwetse Bellamy wa 55 miliyoni uja. Mlandu wake udali wakuti amatha kuwerenga zilembo zakale za pamiyala yotchedwa Poneglyph, zimene boma lidaletsa chifukwa zimasunga mbiri imene likufuna ikwiririke. Mbali inayo kuli Tony Tony Chopper, dokotala wa gulu la Luffy, mphoyo yolankhula imene imatha kusanduka chilombo chotalika kuposa nyumba. Chipepala chake choyamba chidalembedwa maberi 50. Osati 50 miliyoni, 50 yeniyeni. Asilikali adamuyesa chiweto cha gululo. Oda amaseka nayo nkhaniyi kwa zaka zambiri, koma nthabwalayo ikuphunzitsa kanthu: boma limalemba zimene laona ndi zimene lamva, ndipo limatha kulakwitsa.

Khalidwe nalonso limakweza mtengo. Pamene achifwamba achinyamata khumi ndi mmodzi otchuka adakumana pa zilumba za Sabaody, Luffy adali pa 300 miliyoni pomwe Eustass Kid adali pa 315 miliyoni. Mayi wina wa bala kumeneko, Shakky, amafotokoza kuti Kid ali pamwamba chifukwa gulu lake limavulaza anthu wamba kulikonse kumene ladutsa. Ndiye 15 miliyoni yosiyanayo ndi ya nkhanza, si ya chibakera. Ndipo 300 miliyoni ya Luffy nayonso sidabwere chifukwa chogonjetsa Rob Lucci chokha. Adathyola chilumba cha milandu cha boma, Enies Lobby, ndipo adalamula mnzake kuti atenthe mbendera ya boma anthu onse akuona. Kuwotcha mbendera sikufuna minofu, koma kumakwera mtengo.

Palinso manambala ouma, amene adasiya kuyenda. Boma lidasankha achifwamba asanu ndi awiri amphamvu n'kupangana nawo kuti azigwira ntchito mbali yake, iwo n'kukhululukidwa milandu. Pakanema mudzawaona akutchedwa Shichibukai kapena Warlords. Munthu akalowa m'gululi mtengo wake umaimitsidwa pomwe udali tsiku limenelo. Amene adalowa ali wachichepere amakhala ndi nambala yaing'ono mpaka kalekale, ngakhale mphamvu zake zitakula chotani. Boa Hancock adaimira pa 80 miliyoni, Crocodile pa 81 miliyoni, pomwe Gecko Moria adaimira pa 320 miliyoni. Wowerenga manambala okha angaganize kuti Moria amaposa Hancock kanayi, zomwe aliyense amene adaona awiriwa akumenya nkhondo angaseke nazo. Marshall D. Teach, wodziwika kuti Blackbeard, adalowa m'gululi mtengo wake uli pa ziro, chifukwa adakhala zaka zambiri akubisala dala pansi pa mtsogoleri wina.

Mmene ine ndimaonera, nambala ya chifwamba ndi yodalirika pa chinthu chimodzi: kukuuzani nyanja imene munthu akusambiramo. Ku East Blue, kumene nkhani imayambira, mtengo wapakati ndi maberi 3 miliyoni, ndipo akuluakulu a kumeneko ndi Buggy wa 15 miliyoni, Don Krieg wa 17 miliyoni ndi Arlong wa 20 miliyoni. N'chifukwa chake 30 miliyoni yoyamba ya Luffy idadabwitsa asilikali. Kudutsa 100 miliyoni kumatanthauza kuti munthu wayamba kutchulidwa kulikulu. Kufika biliyoni ndiye kuti ali pafupi ndi mafumu anayi a panyanja, a Yonko. Kusiyana kwa 20 miliyoni ndi biliyoni n'kwenikweni ndipo mungakukhulupirire. Koma kusiyana kwa 300 ndi 315, kapena 80 ndi 81, musataye nako nthawi.

Nyota za asilikali

Mbali ya boma kulibe mitengo, kuli maudindo. Pamwamba pali Fleet Admiral mmodzi, amene kwa nthawi yaitali ya nkhaniyi ndi Sengoku. Pansi pake pali ma Admiral atatu, Aokiji, Kizaru ndi Akainu, amene boma limawatcha mphamvu zake zazikulu zankhondo. Kenako ma Vice Admiral ambirimbiri, n'kumatsika kudutsa Rear Admiral, Commodore, Captain mpaka msilikali wamba wokolopa m'sitima. Udindo wa Admiral ndi umodzi mwa zizindikiro zochepa zimene sizinamiza. Mukamva kuti Admiral akubwera, dziwani kuti anzathu ayenera kuthawa, ndipo kwa magawo mazanamazana amathawadi. Luffy atangogonjetsa adani angapo akuluakulu adakumana ndi Aokiji, ndipo adaumitsidwa kukhala chiboliboli cha madzi oundana popanda Aokijiyo kutuluka thukuta.

Pansi pa Admiral ndi pamene makwerero amasokonekera. M'magawo oyambirira Luffy amakumana ndi Morgan, wa nkhwangwa kudzanja, amene ali Captain ku Shells Town. Ndewu yake siitenga nthawi. Magawo makumi angapo kutsogolo, ku Loguetown, akumana ndi Smoker, nayenso Captain. Uyu amamupanikiza Luffy pansi, kumukhalira pamsana, ndipo chikhala kuti munthu wina wodabwitsa sadalowerere, ulendo wonse ukadathera pomwepo. Udindo umodzi, anthu awiri osayerekezeka. Chifukwa china n'chakuti Morgan ndi wa nthambi pomwe Smoker ndi wa kulikulu, ndipo Oda adafotokoza poyankha mafunso a owerenga kuti udindo wa kulikulu umalemera pafupifupi masitepe atatu kuposa udindo womwewo wa kunthambi. Chifukwa chinanso n'chakuti Smoker ndi wosamvera akuluakulu ake, ndipo wosamvera sakwezedwa msanga.

Monkey D. Garp ndiye amaphwanyiratu makwererowo. Ndi Vice Admiral, koma ndi munthu amene ankalimbana ndi Mfumu ya Achifwamba, Gol D. Roger, maso ndi maso. Adakana kukwezedwa kukhala Admiral kambirimbiri, chifukwa Admiral amakhala wolamulidwa mwachindunji ndi mabanja olemekezeka a dziko, amene Garp amanyansidwa nawo. Choncho mawu akuti Vice Admiral akhoza kutanthauza Garp, akhozanso kutanthauza munthu amene akugwa ndi chibakera chimodzi kumbuyo kwa chithunzi.

Kamodzi kokha Oda adayesa kupereka sikelo yeniyeni. Pa nkhani ya Enies Lobby, mmodzi mwa akazitape a boma a gulu la CP9 amayeza anzake ndi muyezo wotchedwa doriki. Msilikali wamba wonyamula chida ndi 10. Rob Lucci ndi 4,000, Kaku 2,200, Jabra 2,180. Bwana wawo, Spandam, amene amawalamula onsewo, ndi 9, kuchepera msilikali wamba. Muyezowu udathandiza kuuza woonera kuti Lucci ndi wa Luffy, Kaku ndi wa Zoro, Jabra ndi wa Sanji. Utatha ntchito imeneyo sudabwerenso. Ndikuona kuti Oda adachita bwino kuutaya. Nkhani ikangoyamba kuyeza anthu ndi sikelo, ndewu iliyonse imasanduka samu, ndipo wolemba amakakamizika kumangowonjezera maziro.

Ndewu zitatu za ku Alabasta

Kuti muone mmene zinthuzi zimagwirira ntchito pamodzi, palibe malo abwino kuposa ufumu wa m'chipululu wa Alabasta, pamene Luffy wa 30 miliyoni akulimbana ndi Crocodile wa 81 miliyoni youma ija.

Poyamba tidziwe za zipatso. M'dziko la One Piece muli zipatso za mdyerekezi: ukadya chimodzi umalandira mphamvu yachilendo, koma nyanja imakuda, sungathenso kusambira. Zili m'mitundu itatu. Zoan zimasandutsa munthu nyama. Paramecia ndi zosiyanasiyana, monga cha Bellamy cha masipuling'i, ndipo thupi la mphira la Luffy limawerengedwa m'gulu limeneli pamene nkhani ikuyamba. Logia zimasandutsa thupi lonse kukhala chinthu cha chilengedwe: utsi kwa Smoker, mchenga kwa Crocodile, moto, mphezi, madzi oundana. Munthu wa Logia ukamumenya chibakera chimangodutsa. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya theka loyamba la One Piece: funso silikhala lakuti ndani ali ndi nkhonya yolemera, koma lakuti kodi nkhonyayo ifika?

Ndewu yoyamba ikuchitikira m'chipululu kunja kwa mzinda wa Rainbase. Crocodile akumupatsa Luffy mphindi zitatu zokha, n'kuika pansi kagalasi ka mchenga kowerengera nthawi. Luffy akuponya zonse zimene ali nazo, ndipo chilichonse chikungomwaza mchenga umene ukubwereranso pamalo pake. Mphindi zitatha, Crocodile akumubaya ndi ngowe yake ya kudzanja n'kumunyamula m'mwamba. Koma pali kanthu kakang'ono kamene woonera wothamanga amakaphonya. Luffy adali atakoleka m'khosi kamgolo ka madzi kamene nkhalamba ina ya ku Yuba idamupatsa. Madziwo atamutayikira padzanja, adagwira mkono wa Crocodile n'kuufinya, ndipo mkonowo sudamwazike. Mchenga wonyowa umagwirana. Crocodile adamutaya mumchenga womeza n'kuchoka, ndipo Luffy adapulumuka chifukwa munthu wina adamuvuula.

Ndewu yachiwiri ili kunyumba yachifumu ku Alubarna. Luffy akubwera ndi mgolo wa madzi kumsana, akunyowetsa zibakera, ndipo kwa nthawi yoyamba Crocodile akulawa nkhonya. Poona kuti mdani akulimbana ndi mgolowo, Luffy akumwa madzi onse, mimba n'kutupa ngati chibaluni, n'kumamulavulira. Zikuoneka ngati zatheka. Koma Crocodile ali ndi luso lina: dzanja lake lamanja limayamwa chinyezi cha chilichonse chimene lagwira. Akumugwira pakhosi n'kumuumitsa mpaka kutsala chikopa chokhachokha. Luffy akupulumukanso mwamwayi, chifukwa madzi amene adalavula n'kuphonya adapita m'mwamba ndipo adabwera kudzamugwera.

Ndewu yachitatu ili m'manda achifumu pansi pa nthaka. Madzi palibe. Luffy akugwiritsa ntchito magazi a mabala ake omwe kunyowetsa manja ndi mapazi. Crocodile akuvula chivundikiro cha ngowe yake n'kuonetsa ya poizoni, ndipo akumubaya nayo. Luffy akupambana pomuponya m'mwamba ndi mvula ya zibakera imene ikuboola thanthwe mpaka Crocodile kutulukira pakati pa mzinda, koma iye mwini akugwa ndi poizoniyo, ndipo akukhala moyo chifukwa wina adamupatsa mankhwala.

Tsono tiwerenge. Kodi Luffy wa ku Alabasta ndi wamphamvu kuposa Crocodile? Adagonja kawiri, ndipo kawiri konseko akadafa. Adapambana kachitatu atadziwa chinsinsi, atapulumutsidwa ndi anthu ena ndi mwayi, akulimbana ndi munthu amene ankamuderera. Wonena kuti "Luffy amaposa Crocodile" sakunama, koma wasiya zambiri. Nanga mapepala adati chiyani? Boma silikadavomera kuti chifwamba ndicho chapulumutsa ufumu kwa munthu amene boma lomwelo lidamudalira. Lidalengeza kuti wagonjetsa Crocodile ndi Smoker, n'kumukonzera ulemu ndi kukwezedwa, mwini wake akukalipa kuti sadachite zimenezo. Mwakachetechete mtengo wa Luffy udakwera kufika 100 miliyoni, ndipo Zoro adalandira wake woyamba wa 60 miliyoni. Pa chochitika chimodzi, udindo wa msilikali udakwera chifukwa cha bodza, ndipo mtengo wa chifwamba udakwera chifukwa cha choonadi chimene boma lidabisa. Oda adanenaponso kuti boma likadadziwa kuti Crocodile ndiye mwini gulu lachinsinsi la Baroque Works, 81 miliyoni ija ikadawirikiza kawiri kapena kuposa.

Wakuti adagonjetsa wakuti

Mikangano yambiri ya okonda anime imayenda motere: uyu adagonjetsa uyo, uyo adagonjetsa winayo, ndiye kuti uyu angagonjetse winayo. Wotsata mpira aliyense amadziwa kuti samu imeneyi siigwira, pakuti timu ya kumunsi kwa ligi imatha kukwapula akatswiri Loweruka n'kukagonja kwa anzake a kumunsi Lachitatu. Mu One Piece chifukwa chake chimaoneka ndi maso, ndipo chitsanzo chake ndi Enel wa pachilumba cha m'mitambo cha Skypiea.

Enel ndi Logia wa mphezi. Amatulutsa mphamvu ya magetsi yofika mavoti 200 miliyoni, amayenda ngati ching'aning'ani, ndipo amamva zimene anthu akulankhula pachilumba chonse. Zoro, Robin ndi ankhondo amphamvu a kumeneko adagwa pamaso pake mmodzimmodzi. Alibe mtengo wa pamutu chifukwa boma silimudziwa, koma Oda adati akadakhala panyanja ya pansi akadatha kufika 500 miliyoni. Nthawi imeneyo Luffy adali pa 100 miliyoni. Komabe Enel adaponya mphezi yake pa Luffy, utsi n'kutha, Luffy ali chiimire akudabwa kuti chachitika n'chiyani. Mphira sulola magetsi kudutsa, ndiponso umamulola Luffy kumenya thupi lenileni la Enel. Nkhope imene Enel adapanga pozindikira zimenezi, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa, ndi chimodzi mwa zithunzi zotchuka kwambiri za nkhani yonseyi. Ngakhale zidatero ndewu sidali yophweka, chifukwa Enel adasintha njira n'kuyamba kutenthetsa mkondo wake wa golide kuti azibaya ndi kuwotcha. Luffy adapambana, koma izi sizikutanthauza kuti adali wa msinkhu wa 500 miliyoni. Aokiji uja adamuumitsa patangopita nthawi yochepa kuchokera apa.

Lamulo la Logia limasintha pakati pa nkhani, ndipo woonera watsopano ayenera kulidziwa kuti asasokonezeke. Patadutsa magawo oposa 500, nkhalamba Silvers Rayleigh imamufotokozera Luffy za Haki, mphamvu ya mtima imene munthu aliyense angakhale nayo. Ilipo ya mitundu itatu: yomva zimene mdani akufuna kuchita, yolimbitsa thupi ndi chida ngati wavala chitsulo chosaoneka, ndi yachitatu ya anthu owerengeka obadwa nayo, imene imakomola ofooka popanda kuwakhudza. Yachiwiriyo imagwira thupi lenileni la munthu wa Logia. Kuyambira pamenepo madzi ndi magazi sizifunikanso. Caribou, Logia wa matope wa 210 miliyoni, amagwa ndi chibakera chimodzi cha munthu wodziwa Haki. Akadaonekera ku East Blue palibe akadamukhudza. Choncho mukamayerekeza anthu awiri, funsani kaye kuti mukunena za gawo liti la nkhani.

Muyezo umene ndimaukhulupirira

Ngati manambala amachedwa, maudindo amanama, ndipo kupambana kumadalira amene wakumana ndi yani, tiyeze ndi chiyani? Njira yabwino kwambiri imene Oda amagwiritsa ntchito ndi kubweretsa mdani yemweyo kawiri. Pa Sabaody gulu lonse la Luffy, anthu asanu ndi anayi, lidalimbana ndi chimakina chimodzi chankhondo cha boma chotchedwa Pacifista. Adachigwetsa, koma onse adatsala ali wefuwefu, mphamvu zitatheratu, ndipo chachiwiri chitatulukira adangoyamba kuthawa. Gululo lidabalalika, aliyense n'kukaphunzira kwa zaka ziwiri. Atabwerera pamalo omwewo, Luffy adazinda kuwala kwa mfuti ya Pacifista mongopendeketsa mutu, n'kuiphwanya ndi nkhonya imodzi. Zoro ndi Sanji adagwetsa ina nthawi imodzi, uku akukangana kuti waimaliza ndani. Makina sakalamba, sadwala, saderera mdani. Kusiyana konse kumene mukuona n'kwa anthuwo. Pa nthawi yonseyi mtengo wa Luffy udangochoka pa 300 kufika pa 400 miliyoni, ndipo kukwerako kudabwera chifukwa cha zimene adachita asanapite kokaphunzira.

Kupatula apo, yang'anani mmene munthu adalowera m'ndewu. Kodi adali wovulala kale? Kodi ndi wokalamba kapena wodwala, monga Whitebeard amene adafika pankhondo ya Marineford ali ndi zaka 72, atangochotsa machubu a mankhwala m'thupi? Kodi adathandizidwa? Kodi ankafuna kupha, kapena kungochedwetsa? Ndipo mawu a anthu a m'nkhani muziwalandira monga mawu a anthu. Mdani akamadzitama kuti palibe angamugonjetse, ameneyo ndi maganizo ake, si chigamulo cha wolemba.

Ndime ino ndi yotsatirayo zikukhudza za mtsogolo kwambiri, ndipo amene sadafike ku Wano akhoza kuzidumpha. Luffy atagonjetsa Charlotte Katakuri wa 1.057 biliyoni, mwini nyuzi yaikulu ya dzikolo, Morgans, adakometsera nkhaniyo mpaka kumutcha mfumu yachisanu ya panyanja, ndipo mtengo wake udalumpha kuchoka pa 500 miliyoni kufika pa 1.5 biliyoni. Atakumana koyamba ndi mfumu yeniyeni, Kaido, wa mtengo woposa 4.6 biliyoni, adakomoka ndi chibonga chimodzi. Nyuzi idathamanga kuposa munthu, mosiyana ndi ku Jaya kumene idatsalira.

Ndiye pali Buggy, yemwe uja wa mphuno yofiira wa 15 miliyoni ku East Blue. Mphamvu zake sizidakule kwenikweni. Koma zidadziwika kuti ali mnyamata adali m'sitima ya Roger, akaidi oopsa amene adathawa nawo kundende adamuyesa mpulumutsi, ndipo pamapeto pake boma lidaganiza kuti Crocodile ndi Dracule Mihawk, katswiri wa lupanga woposa onse, ndi antchito ake. Lidamuika pa 3.189 biliyoni n'kumuwerenga pakati pa a Yonko, pamene m'chipinda chamkati awiriwo amamuzunza ngati kamwana. Crocodile yemweyo, amene adagonja kwa Luffy wa 30 miliyoni, adapatsidwa 1.965 biliyoni.

Nambala ya Crocodile imeneyi ndi imene okonda nkhaniyi amakanganirana kwambiri, ndipo apa tiyenera kunena chilungamo. Mbali ina ikufotokozeka: nambala yakale idali youma, ndipo boma limaopanso nzeru zake ndi gulu lake. Koma mbali ina ndi yakuti nkhani imene yalembedwa kwa zaka zoposa 25 denga lake limakwera, ndipo wolemba akafuna kubweza munthu wakale amamukweza kuti akwanire m'chipinda chatsopano. Chimodzimodzi ndi Shanks, amene kumayambiriro kwenikweni adaduka mkono ndi chilombo cha m'nyanja populumutsa Luffy, chilombo chimene Luffy adadzachigwetsa ndi nkhonya imodzi tsiku loyamba la ulendo wake, koma Shanks yemweyo ndi mmodzi mwa mafumu anayi. Anthu apanga zifukwa zambiri zofotokozera izi. Chifukwa chosavuta n'chakuti nkhani inkafuna nsembe pamalo amenewo, ndipo Oda amaika nkhani patsogolo pa masamu.

Kwa inu amene mukuyamba kumene, musathamangire kukafufuza mndandanda wa mitengo ya anthu onse, chifukwa mudzangodziululira nkhani pachabe. Chipepala chatsopano chikaonekera pakanema, imani pang'ono n'kufunsa kuti boma langomva chiyani, ndipo ndani waliuza.